Kuyeza Nsima ndi Ndiwo pa Chithunzi: Magalamu Angati, Makalori Angati?

Pa chithunzi cha mbale ya nsima ndi ndiwo za nyama, zinthu ziwiri zimaoneka bwino, mulitali ndi mulifupi mwa chakudyacho. Msinkhu wa mtanda, kuchuluka kwa madzi amene ali mu nsimayo ndi mafuta amene wophika anathira mumphika siziwoneka, komabe chiwerengero cha makalori chimadalira zitatuzi. Munthu wodwala matenda a shuga, wofuna kuchepetsa thupi, kapena katswiri wa kadyedwe amene watumiziridwa chithunzi pa foni angathe kupeza chiwerengero choyandikira zenizeni ngati akudziwa mbali yoyeza, mbali yongoyerekeza, ndi kukula kwa kulakwitsa kumene kumabwera pa mbali iliyonse.

Kalori ndi muyeso wa mphamvu imene thupi limapeza mu chakudya. Kalori imene imatchulidwa pa nkhani za zakudya ndi mphamvu yokwanira kukweza kutentha kwa lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi. Mapaketi ambiri a ufa ndi mafuta amalemba mphamvuyi m'makilojulo, ndipo wofuna makalori amagawa chiwerengerocho ndi 4.2. Mawerengedwe amene akugwirabe ntchito lero anachokera kwa katswiri wa ku Amereka, Wilbur Atwater, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Galamu imodzi ya sitachi kapena shuga ili ndi makalori 4, galamu ya zomanga thupi ilinso ndi 4, ya mafuta ili ndi 9, ndipo madzi alibe kalori. Kuwerenga makalori a mbale ya nsima ndi kufunsa kuti pa kulemera kwake konse, gawo la ufa ndi lanji, la madzi ndi lanji, ndipo mafuta ali pati.

Kuyeza kumayambira pa chinthu chimodzi cha pa chithunzi chimene kukula kwake kukudziwika. Kamera siidziwa masentimita, ndipo mtanda waung'ono wojambulidwa pafupi ungaoneke wofanana ndi waukulu wojambulidwa patali. Mbale yeniyeniyo ingathandize ngati inayezedwa, popeza mbale zodyera zambiri zimakhala pakati pa masentimita 23 ndi 28 kudutsa pakati. Khadi la ku banki ndi labwino kuposa mbale chifukwa kukula kwake n'kumodzi kulikonse, mamilimita 85.6 mulitali ndi 54 mulifupi. Pojambula liyenera kuphimbidwa manambala, kapena kugwiritsa ntchito khadi lina la kukula komweko. Dzanja kapena sipuni sizidalirika kwenikweni, chifukwa manja a anthu amasiyana, ndipo masipuni nawonso amasiyana.

Kulakwitsa pa muyeso woyambawu kumakula kwambiri pomaliza, kuposa mmene anthu ambiri amaganizira. Chakudya chili ndi mbali zitatu, ndiye kulakwitsa kumalowa katatu. Woyeza akaganiza kuti mbale ndi ya masentimita 27 pamene ndi ya 24, waphonya ndi masentimita atatu okha, gawo limodzi mwa magawo 8. Koma mulitali, mulifupi ndi msinkhu wa mtanda zonse zidzakula ndi gawo lomwelo, ndipo zikachulukitsidwa pamodzi mtandawo udzaoneka waukulu ndi 42 pa 100 aliwonse. Mtanda wa magalamu 260 udzawerengedwa ngati wa 370, ndipo kusiyana konseku kwachokera pa mbale yokha, ufa ndi mafuta zisanalowe m'mawerengedwe.

Kajambulidwe nakonso kamasokoneza. Foni ikagwiridwa pafupi kwambiri ndi chakudya, chimene chayandikira kamera chimakula pa chithunzi ndipo chakutali chimachepa. Ikapendekeka, mbale yozungulira imaoneka ngati dzira, ndipo muyeso wa kutsogolo umasiyana ndi wa kumbuyo. Chithunzi choyezerapo chimajambulidwa kuchokera pamwamba penipeni, foni itakwezedwa pafupifupi theka la mita, khadi litagona pambali pa mbale. Chachiwiri chimajambulidwa cham'mbali, foni itatsitsidwa kufika pa msinkhu wa tebulo, kuti phiri la nsima lioneke kutalika kwake. Ngati pali chithunzi cha pamwamba chokha, msinkhu umangoganiziridwa. Nsima ndi yoyera ndiponso yosalala, ndiye ilibe mizere kapena mithunzi yambiri yothandiza diso kudziwa ngati mtanda ndi wotumphuka kapena wophwatalala. Kuwala kwa foni usiku kumafafaniza ngakhale mthunzi wochepa umene ukanathandiza.

Tiyerekeze mbale ya masentimita 26 yokhala ndi mitanda iwiri ya nsima ya ufa woyera, nthuli zinayi za nyama ya ng'ombe mu msuzi wa tomato ndi anyezi, ndi mpiru wokazinga pambali. Pa sikirini ya foni, rula ikusonyeza kuti mbaleyo yatenga masentimita 6.5, kutanthauza kuti sentimita imodzi ya pa chithunzi ikuimira masentimita anayi enieni. Mtanda uliwonse watenga masentimita atatu mulitali ndi awiri mulifupi, ndiye weniweniwo ndi wa 12 ndi 8. Pa chithunzi cham'mbali, msinkhu wa mtanda ukuchepera pang'ono theka la mulitali wake, choncho ndi pafupifupi masentimita 5. Apa pafunika kusamala, chifukwa mkombero wa mbale umabisa tsinde la mtanda, ndipo mbale yakuya ingabise sentimita yathunthu. Pa mtanda wa masentimita 5, sentimita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a msinkhu wonse.

Mtanda woomoledwa ndi chipande umakhala wophwatalala pansi ndi wozungulira pamwamba, ngati theka la dzira logonekedwa. Chinthu chooneka choncho chimadzaza kupitirira pang'ono theka la bokosi limene chingakwanemo. Mawerengedwe ake ndi awa:

```
12 × 8 × 5 = 480
480 × 0.52 = 250
```

Mtandawo ndi wa mamililita 250, ofanana ndi kapu imodzi. Mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi, ndipo nsima imalemera kuposa madzi pang'ono, monga amadziwira aliyense wotsuka mbale amene anaona chotsala cha nsima chikumira m'beseni. Choncho mamililita 250 a nsima ndi magalamu pafupifupi 260, ndipo mitanda iwiri ndi 520. Nsima yoomoledwa mulu umodzi waukulu, kapena imene yadyedwa kale mbali ina, siitsata maonekedwe amenewa, ndipo imafunika kugawidwa m'maganizo kukhala zidutswa zosavuta kuyeza.

Kulemera kukadziwika, chotsatira n'chakuti mu magalamu 520 amenewo muli ufa wochuluka bwanji. Ufa wa chimanga wouma uli ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100, ndipo makalori onse a nsima amachokera mu ufawo, popeza nsima ya ku Malawi kawirikawiri siithiridwa mafuta, shuga kapena mkaka. Wophika akathira kilogalamu ya ufa m'malita awiri ndi theka a madzi, madzi ena n'kuuluka ngati nthunzi, amapeza nsima yolemera makilogalamu pafupifupi 3.3 yokhala ndi makalori 3,600. Pa magalamu 100 aliwonse ndi makalori 110. Wokonda nsima yofewa, amene ufa womwewo umamupatsa makilogalamu anayi, nsima yake ili ndi makalori 90 pa magalamu 100. Wovundula yolimba yofuna mkono wamphamvu pa mthiko, amene amapeza makilogalamu 2.8 okha, amafika pa 130. Mitanda itatu ya ophika atatuwa ingafanane kukula ndi kuyera, koma pa mbale ya chitsanzo chija imapereka makalori 470, 570 kapena 680.

Chithunzi chimangopereka zizindikiro zochepa pa nkhaniyi. Nsima yofewa imakhazikika n'kuphwatalala, m'mbali mwake mumakhala mosalala, ndipo pamwamba pamanyezimira. Yolimba imaima, imasunga mzere wa chipande, ndipo pamene yatemedwa mbamu pamaoneka pokhakhala. Koma chipande chimaviikidwa m'madzi poomola, ndiye ngakhale nsima yolimba imanyezimira ikangoomoledwa, ndipo yofewa ikazizira imauma khungu n'kuoneka yolimba. Mtundu wa ufa ndiwo umaoneka bwino, popeza mgaiwa ndi woderako ndipo uli ndi timadontho ta gaga. Ambiri amadabwa kumva kuti pa makalori, mgaiwa ndi ufa woyera sizisiyana kwenikweni. Mgaiwa umaposa pa gaga, mavitamini ndi mchere wofunika m'thupi, ndipo uli ndi mafuta ochulukirapo ochokera ku mtima wa chimanga, koma wosiya ufa woyera n'kuyamba mgaiwa wa mitanda yomweyo sanachepetse makalori. Kwa wodwala shuga chiwerengero china chofunika ndi cha sitachi. Mitanda iwiri ija ili ndi ufa wokwana magalamu pafupifupi 160, ndipo magawo atatu mwa anayi a ufawo, magalamu 120, ndi sitachi.

Ndiwo ndizo zovuta kwambiri, ngakhale zimatenga malo ochepa pa mbale. Nyama imayerekezedwa ndi bokosi la machesi: nthuli yophika ya kukula kumeneko imalemera magalamu pafupifupi 30. Nthuli zinayi ndi magalamu 120, koma imodzi ikuoneka kuti ili ndi fupa, ndipo fupa silidyedwa, ndiye yodyeka ndi pafupifupi 100. Nyama ya ng'ombe yophika yopanda mafuta ambiri ili ndi makalori oyandikira 200 pa magalamu 100, ndipo yonona imafika 300 kapena kupitirira. Msuzi ukaikuta, mnofu ndi mafuta zimafanana mtundu, ndiye woyeza amatenga chapakati, monga 230. Pali kulakwitsa kwina kumene kumachitika kawirikawiri, kotenga chiwerengero cha nyama yaiwisi n'kuchigwiritsa ntchito pa yophika. Nyama ikaphikidwa imataya madzi n'kupepuka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu, choncho magalamu 100 a yophika ali ndi makalori ambiri kuposa magalamu 100 a yaiwisi. Nthuli zomira mu msuzi kapena zobisika kuseri kwa mtanda siziwerengedwa n'komwe.

Tomato ndi anyezi sizivuta. Tomato ali ndi makalori pafupifupi 20 pa magalamu 100, anyezi 40, ndipo msuzi wa mamililita 100 ungapereke makalori 30 okha kuchokera ku ziwirizi. Chosintha chiwerengero ndi mafuta ophikira, amene ali ndi makalori pafupifupi 900 pa magalamu 100. Sipuni yaikulu imodzi, ya mamililita 15, ili ndi makalori 120, kuposa magalamu 100 a nsima. Mafuta amayandama, ndipo pa chithunzi amaoneka ngati timaso tonyezimira kapena mkombero wofiirira m'mbali mwa msuzi, koma kuya kwake sikuoneka. Msuzi ukafalikira malo ozungulira a masentimita 10 kudutsa pakati, milimita imodzi yokha ya mafuta pamwamba pake ndi mamililita pafupifupi 8, makalori 65, ndipo mamilimita awiri ndi 130. Palibe diso lingasiyanitse milimita imodzi ndi iwiri pa chithunzi cha foni, ndipo mafuta ena amakhala atalowa kale mu nyama ndi mu anyezi. Pa chitsanzochi woyeza angaike sipuni imodzi, msuzi wonse n'kukhala makalori 150, podziwa kuti pa khomo losamala mafuta ingakhale theka la sipuni, ndipo ku lesitilanti ina masipuni awiri.

Masamba paokha ndi opepuka, makalori 25 kapena 30 pa magalamu 100. Mpiru wa magalamu 80 wokazingidwa ndi kasipuni kakang'ono ka mafuta umakwana makalori pafupifupi 65, ndipo oposa theka ndi a mafutawo. Masamba otendera amazindikirika pa chithunzi chifukwa amaoneka otuwirako ndi okhuthala, koma kuchuluka kwa nsinjiro sikudziwika, ndipo mtedza uli ndi makalori pafupifupi 570 pa magalamu 100. Pamene ndiwo ndi nyemba, zowiritsa zokha zili ndi pafupifupi 130 pa magalamu 100, mafuta asanathiridwe.

Zonse zikaphatikizidwa, mbaleyo ili ndi chakudya cholemera magalamu pafupifupi 820. Makalori ndi 570 a nsima, 230 a nyama, 150 a msuzi ndi 65 a mpiru, amene akukwana 1,015. Chiwerengero chotere chimaoneka ngati chachokera pa sikelo, koma n'chongoyerekeza. Nsima ikakhala yofewa, nyama yopanda mafuta ndi msuzi wa mafuta ochepa, mbale yomweyo ndi makalori pafupifupi 800. Zonse zikapendekera mbali inayo, imapitirira 1,300, ndipo apo n'kuti muyeso wa mbale ndi msinkhu wa mitanda zatengedwa molondola. Yankho loona ndi lakuti mbaleyo ili ndi makalori pafupifupi 1,000, ndipo mwina ochepera ndi 200 kapena oposa ndi 300. Kwa munthu wamkulu amene thupi lake limafuna makalori 2,000 mpaka 2,500 pa tsiku, zimenezi zikukwanira kumudziwitsa kuti chakudya chimodzicho chatenga pafupifupi theka la tsiku lake. Wobaya insulini amene amasintha mlingo wa mankhwala molingana ndi sitachi imene wadya sangadalire chiwerengero chotere, ndipo amafunika sikelo ndi malangizo a kuchipatala.

Mapulogalamu a pa foni owerenga makalori pa chithunzi amadutsa njira yomweyi: amazindikira chakudya, amayerekeza kuchuluka kwake, kenako amachulukitsa ndi chiwerengero cha mu kaundula wawo. Kuzindikira kumadalira zithunzi zimene pulogalamuyo inaphunzitsidwa nazo. Gulu lina lodziwika la zithunzi zoterezi, Food-101, linatuluka mu 2014 ku sukulu ya ukachenjede ya ETH ku Zurich, ndipo lili ndi mitundu 101 ya zakudya ndi zithunzi 101,000, koma nsima mulibe. Pulogalamu yosaidziwa nsima ingaitenge ngati mbatatesi yosinja kapena mpunga. Ngakhale yoidziwa imangoika chiwerengero chimodzi chapakati, chifukwa madzi ndi mafuta zimabisika kwa iyo monga zimabisikira kwa munthu. Mafoni ena ali ndi kachipangizo koyeza mtunda wa pakati pa kamera ndi chinthu, ndipo amathandiza pa msinkhu wa mtanda, koma za mumphika sazidziwa.

Dzina nalonso lingasokoneze. M'Chingerezi nsima ndi phala zimatchedwa ndi liwu limodzi, ndipo wolemba `maize porridge` mu pulogalamu angapatsidwe chiwerengero cha phala la m'mawa, limene lili ndi madzi ambiri ndipo makalori ake angakhale theka la a nsima. Kulemba `ugali`, `sadza`, `nshima` kapena `stiff pap` kumayandikira kwambiri, ngakhale ugali wa ku Kenya ndi ku Tanzania nthawi zambiri umaphikidwa wolimba kuposa nsima ya ku Malawi. Kondowole ndi nsima ya mapira zili ndi ziwerengero zawozawo. Ku Malawi kuli buku la ziwerengero za michere ya m'zakudya zakomweko limene linatuluka mu 2019, mogwirizana ndi sukulu ya ukachenjede ya LUANAR, ndipo ziwerengero za m'buku loterolo zimayenerana ndi mphika wa ku Malawi kuposa zochokera ku Ulaya kapena ku Amereka.

Njira yochepetsera kulakwitsa ili kukhitchini. Pa khomo limodzi chipande chimakhala chimodzi, wophika amakhala mmodzi kapena awiri, ndipo mitanda imafanana tsiku ndi tsiku. Sikelo yaing'ono ya kukhitchini ikayeza mitanda isanu, yonseyo n'kuphatikizidwa ndi kugawidwa ndi 5, kulemera kwa mtanda wa pa khomolo kumadziwika, ndipo kuyambira pamenepo chithunzi chimangofunika kuwerenga mitanda. Pamene sikelo palibe, mtanda wozizira ungaikidwe m'kapepala ka pulasitiki kochotsedwa mpweya n'kumizidwa mu jagi yokhala ndi mizere ya mamililita, ndipo kukwera kwa madzi ndiko kukula kwa mtandawo. Njira yoposa zonsezi ndi kuyeza ufa usanalowe mumphika. Ufa wa magalamu 800 uli ndi makalori 2,880, ndipo ukatulutsa mitanda 10 yofanana, uliwonse uli ndi 288, kuchotsapo pang'ono pa makoko otsala mumphika. Apa zoti nsima ndi yofewa kapena yolimba sizifunikanso, chifukwa madzi sanalowe m'mawerengedwe. Mafuta amayezedwa chimodzimodzi: botolo la lita imodzi lili ndi makalori opitirira 8,000, ndipo likatha m'masiku 10 pa banja la anthu asanu, munthu aliyense akudya makalori oposa 160 a mafuta ophikira pa tsiku, ngakhale palibe mbale imene inaoneka yonona.

Chithunzi chimasonyeza zimene zinaikidwa pa mbale, osati zimene zinadyedwa. Mtanda wina umatsala n'kukhala mkute wa mawa, nthuli imapatsidwa mwana, msuzi wina umatsalira pansi pa mbale pamodzi ndi mafuta ake, ndipo wina amawonjezera mtanda wachitatu foni itabwezedwa kale m'thumba. Ofufuza za kadyedwe amene amagwiritsa ntchito zithunzi amapempha ziwiri, chimodzi asanadye ndi china atadya, ndipo zotsala zimachotsedwa pa chiwerengero choyamba. Pamene anthu angapo akudyera mbale imodzi ya nsima ndi mbale imodzi ya ndiwo, chithunzi chimapereka chiwerengero cha mbale zonse, ndipo gawo la munthu mmodzi limapezeka powerenga mitanda ndi nthuli zimene iye yekha watenga.